Msinkhu wa mwana si umboni wa zaka zake

Akonzi,

Ndakhala ndikumva eni minda ya fodya kuno ku Kasungu akunena kuti "mnyamatayu ndi wamkulu, taonani thupi lake." Lamulo la za ntchito la 2000 siliyang'ana thupi. Limaletsa kulemba ntchito mwana amene sanakwanitse zaka 14, ndipo wa zaka 14 mpaka 17 saloledwa kugwira ntchito yoika moyo wake pachiswe kapena yomulepheretsa kupita kusukulu.

Tiyerekeze mnyamata amene akwanitse zaka 14 mwezi wamawa. Lero sangalembedwe ntchito pa esiteti ngakhale yopepuka. Mwezi wamawa akhoza kugwira ntchito yopepuka akaweruka kusukulu, koma kupopera mankhwala kapena kuthyola fodya ayi, mpaka atakwanitsa zaka 18. Chifukwa chake n'chomveka: fodya wamuwisi wonyowa ndi mame amalowetsa nikotini pakhungu, ndipo mwana, poti thupi lake ndi laling'ono, sachedwa kumva chizungulire, mutu ndi kusanza.

Chondidetsa nkhawa ndi umboni. Lamulo lomweli limati olemba ntchito asunge kaundula wa onse osakwana zaka 18, koma chiphaso cha unzika munthu amalandira ali ndi zaka 16. Wa zaka 13 ndi wa zaka 15 onse alibe. Popanda kalata ya kubadwa, woyendera malo a ntchito amangodalira mawu a kholo, lomwe nthawi zambiri likufunanso ndalamazo.

Ndikupempha a National Registration Bureau kuti afike m'midzi yozungulira maesiteti n'kulemba ana onse omwe sanalembedwe pobadwa.

Mphunzitsi wokhudzidwa,
Kasungu