Dandaulo: galimoto ikugogodabe kutsogolo ngakhale munasintha shoko ndi mabushi

Kwa Bwana Woyang'anira Galaja,

Ndikulemba kudandaula za ntchito imene amakaniko anu anagwira pa galimoto yathu mwezi wathawu. Inabwera ndi vuto limodzi: ikaponda hampu kapena kadzenje, makamaka ikamayenda pang'onopang'ono, imamveka kuti gu! gu! kutsogolo chakumanzere. Malinga ndi risiti, munasintha shoko yakumanzere ndi mabushi awiri a kontirolo amu yam'munsi. Phokosolo silinasinthe ngakhale pang'ono, ndipo tsopano pawonjezeka mavuto amene poyamba kunalibe.

Ndiyambe ndi shoko. Yakale munatibwezera, ndipo taiona: ndi youma, sikudontha mafuta, ndipo poikoka ndi poikankha ikulimba bwino popanda malo olobodoka. Shoko yotha imadziwika. Mukadinikiza ngodya ya galimoto n'kusiya, imapitiriza kudumphadumpha m'malo mokwera kamodzi n'kukhazikika, ndipo tayala limadyeka mwa zigambazigamba. Zonsezi panalibe. Ndipo ngakhale ikanakhaladi yotha, mashoko amasinthidwa awiriawiri, kumanzere ndi kumanja, chifukwa yatsopano ndi yakale sizigwira mofanana pomanga mabuleki kapena pokhota. Inu munasintha imodzi.

Chimene chikugogoda ndi linki ya sitabilaiza, kandodo kamene kamalumikiza chitsulo cha sitabilaiza ku shoko. Mutu wake wam'munsi wakhwepa. Ndikukhulupirira kuti makaniko wanu sanauone chifukwa anakweza mbali imodzi yokha ndi jeke. Tayala limodzi likakhala m'mwamba, lina pansi, sitabilaiza imapotoka n'kuikoka linkiyo mwamphamvu, ndiye ngakhale yotheratu imaoneka ngati yolimba. Poyesa pamafunika kuti matayala onse awiri akhale pa msinkhu umodzi. Titakweza kutsogolo konse, linkiyo inagwedera ndi dzanja chabe. Kuti titsimikize, tinamasula malinki onse awiri, n'kumanga sitabilaiza ndi waya kuti isagunde kanthu, kenako n'kuyenda pang'onopang'ono pa mahampu omwe aja. Kunali zii. Titawabwezera, phokoso linabwereranso. Kamvekedwe kake komweko kanayenera kukulozerani: linki imalira kwambiri tayala limodzi likaponda bampu palokha, kusiyana ndi pamene onse awiri akwera hampu nthawi imodzi.

Za mabushi ndiye zandikhumudwitsa kwambiri. Bushi yatsopano yakutsogolo yang'ambika kale, labala wake wayamba kulekana ndi chitsulo cha pakati. Bushi yamtunduwu siizungulira pa bauti, labala ndi amene amapotoka amu ikamakwera ndi kutsika. N'chifukwa chake bauti yake imamangidwa komaliza galimoto itatsitsidwa, kulemera kwake kuli pa matayala. Mukaimanga amu ikulendewera, galimoto ikangotsika labalayo amakhala wopotoka ngakhale itaima, ndipo hampu iliyonse imamupotola kupyola malire. Bushi ya mwezi umodzi siing'ambika chonchi popanda chifukwa. Mwina mabauti anamangidwa galimoto ili m'mwamba, kapena bushiyo ndi yosalimba. Zonse ziwiri ndi za kwanu.

Chodetsa nkhawa kuposa zonse ndi bolojointi yam'munsi. Labala wake wotchinga girizi wachekeka, ndipo chilondacho ndi chatsopano, chooneka kuti chinabwera ndi chitsulo chimene anakhomera polekanitsa amu. Girizi wayamba kutuluka. Pakadali pano, pogwira tayala pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza, komanso poyesa ndi chitsulo chotukulira, jointiyo sikugwedera. Koma madzi ndi mchenga zikalowa idyeka msanga, ndipo bolojointi ikazuka tayala limapindika galimoto ili pa liwiro. Makaniko amene anaona labalayu atang'ambika n'kumanga osanena kanthu sanatichitire chilungamo.

Alayinimenti nayo sinachitike pambuyo pomasula shoko ndi amu. Chiwongolero chapendekera kumanja poyenda molunjika.

Tikupempha kuti musinthe malinki onse awiri, ndipo pomanga manati mugwire msomali wapakati kuti usazungulire limodzi ndi nati, apo ayi idzakhala yosamangika n'kumagogodanso. Mabushi a amu ndi bolojointi musinthe mwa ndalama zanu, mabauti amangidwe galimoto ili pansi, pa mphamvu imene buku la galimotoyi likunena. Pa shoko, mubwezerepo yakale n'kutibwezera ndalama, kapena tikambirane zoika inzake kumanja. Pomaliza muchite alayinimenti n'kutipatsa pepala la miyeso yake. Malinki tilipira, chifukwa ndiwo anali vuto kuyambira pachiyambi. Zina zonsezo sitilipira kawiri.

Zithunzi za bushi ndi bolojointi komanso kope la risiti taziphatikiza ku kalatayi. Galimotoyi taiimika kaye. Chonde tiyankheni pasanathe masiku 7, kutiuza tsiku loti tibwere nayo.

Ine kasitomala wanu,
Woyang'anira galimoto za kampani