Lipoti la ulendo wa ku Birmingham: mphatso, ngongole ndi msonkho pakati pa abale

Amayi ndi abambo, apampando ndi komiti yonse, ndabwerako ku msonkhano wa zandalama wa ku Birmingham. Malisiti a sitima ndawapereka kale kwa asungichuma, ndipo amene amati £60 ya alawansi yachuluka akaone okha mtengo wa tikiti. Chakudya chamasana ndinagula ndi ndalama zanga.

Chigawo cha m'mawa chinali cha penshoni, zomwe tinamva kale chaka chatha. Chimene chinandigwira mtima ndi chamasana, pamene mayi wina wowerengera ndalama anafotokoza mmene a HMRC, bungwe la boma lotolera msonkho, amaonera ndalama zoyenda pakati pa abale kuno ku Mangalande. Iwo sasamala dzina limene mwaipatsa ndalamayo. Amafunsa ngati wolandirayo adzabweza, kapena ngati pali ntchito imene wagwira.

Anapereka chitsanzo chimene ndinachilemba chonse. Mlongo wapatsa mchimwene wake £20,000 yoti ayambire kugula nyumba. Ikakhala mphatso, mchimweneyo salipira msonkho wa malipiro ngakhale pang'ono. Ikakhala ngongole yopanda chiwongoladzanja, palibenso msonkho kwa onse awiri, chifukwa ndalama yobwezedwa si phindu. Koma mlongoyo akati azilandira 6 peresenti pachaka, ndiye kuti akupeza £1,200, ndipo imeneyo ndi ndalama yolowa ngati malipiro. Kwa munthu amene amadulidwa msonkho wa malipiro wa 20 peresenti, £1,000 yoyamba ya chiwongoladzanja saidula msonkho. Yotsala ndi £200, msonkho wake £40, bola ngati alibe chiwongoladzanja china kubanki. Ndi yochepa, koma iyenera kunenedwa.

Mphatso imadzaonekera pa maliro. Mlongo uja akamwalira zisanathe zaka 7 chiperekereni, ndalamayo imawerengedwa pamodzi ndi chuma chake chamasiye, kupatulapo £3,000 imene munthu amaloledwa kupereka chaka chilichonse. Msonkho wa 40 peresenti umagwira zokhazo zopitirira £325,000, choncho ambirife sizitikhudza, koma amene muli ndi nyumba musagone. Ngongole nayo ikakhala isanabwezedwe, imakhalabe chuma cha womwalirayo, ndipo ana ake ali ndi ufulu woilonjerera. Mlongo akanena kuti "basi achimwene, musabwezenso", n'kulemba zimenezi m'chikalata chalamulo chosayinidwa pamaso pa mboni, yasanduka mphatso, ndipo zaka 7 zija zimayamba tsiku lokhululukalo, osati tsiku limene ndalama inatuluka.

Apa ndinakweza dzanja. Ndinafunsa za kalata imene abanki amafuna pogula nyumba, yonena kuti ndalama yochokera kwa m'bale ndi mphatso yosabweza. Tonse tikudziwa kuti pakati pathu ena amasayina kalatayi pamene pakamwa anagwirizana kuti ndi ngongole. Mayi uja sanazungulire: kumeneko ndi kunamiza banki, ndipo tsiku lokangana pepala lidzaimira wokongolayo, osati inu. Ineyo zinandigwera. Munthu wina, amene sindimutchula chifukwa ana athu amasewera limodzi, ndinamusayinira kalata yotere, lero tikakumana kutchalitchi amangoti "munandithandiza kwambiri asisi". Nkhaniyi ndinaitula ku komiti kawiri, ndipo kawiri konse anandiuza kuti ndi zapachibale.

Mbali imene anthu m'holomo anang'ung'udza nayo ndi ya "ya sopo". Tiyerekeze mayi amagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo malipiro ake anadutsa kale £12,570 imene saidula msonkho. Loweruka amaluka tsitsi abale ndi anansi, iwo n'kumamupatsa ya sopo, pachaka n'kukwana £3,000. Imeneyo si mphatso, chifukwa pakanapanda kuluka sikanabwera. Akachotsa £1,000 imene boma limalola pa kabizinesi kakang'ono, yotsala ndi £2,000, msonkho wake £400, ndipo ayenera kulembetsa yekha ku HMRC pofika pa 5 Okotobala chikatha chaka cha msonkhocho. Koma azakhali akangomutumizira £3,000 yomweyo pomuthandiza lendi, palibe chodula.

Chigawo chomaliza chinali cha mafomu a pa intaneti, ndipo ndinatuluka chisanathe kuti sitima ingandisiye.

Tsono maganizo anga, ngakhale simunandifunse. Thumba lathu la maliro lakhala likubwereketsa mamembala popanda pepala lililonse, ndipo mu Juni tinagwirizana zoti tiziikapo 10 peresenti. Ine ndinakana, mukukumbukira, ndipo nditamva za chiwongoladzanja ndikukanabe mpaka tifunse wodziwa ngati gulu ngati lathuli liyenera kuchinena ku HMRC. Ndikupempha kuti pa msonkhano wa mwezi wamawa tivomereze kapepala ka tsamba limodzi: ndani wapereka, zingati, mphatso kapena ngongole, abweza liti, onse awiri asayine. Ndalemba kale kachitsanzo. Alembi, chonde nkhaniyi ikhale yoyamba, isakhalenso kumapeto anthu atayamba kuvala majekete.