Matumba a simenti akuchepa, abwana akukana kutsitsa mtengo m'mabuku

Zikomo a Mlangizi,

Ndimasunga mabuku a ndalama pa sitolo ina ya zomangira ku Graniteside kuno ku Harare. Pa 31 Disembala tinawerenga katundu wotsekera chaka. Leja inkasonyeza matumba a simenti 1,200, lililonse logulidwa pa $9, pamodzi $10,800. M'nyumba yosungira katundu tinapezamo 1,140 basi.

Pa 60 operewerawo, 20 ndinawapeza m'mapepala. Anatuluka pa 30 Disembala, kasitomala anasaina kuti walandira, koma invoisi inalowa m'kompyuta mu Januwale. Amenewa savuta, ndiwabweza ku malonda a chaka chathachi ndi kuchotsa $180 pa katundu. Otsala 40 ndiwo asowa ndithu. Tinawerenganso, tinayang'ana ngati pali amene anabwezedwa kapena kung'ambika osalembedwa, koma palibe. Ndikufuna kulemba debiti ya $360 ku katundu wotayika, kirediti ku akaunti ya katundu.

Chimene chandilembetsa kalatayi ndi china. Mwa matumba omwe alipowo, 150 anali kukhoma komwe denga limadontha, ndipo mvula ya Disembala inawapeza. Ukawagwira m'makona muli mibulu youma gwa. Womanga nyumba sangawagule. Oumba njerwa anati atenga pa $6, koma tiwapititsire tokha, ndipo galimoto idya masenti 50 pa thumba. Chotsala m'manja ndi $5.50. Monga ndikudziwira, lamulo la kasungidwe ka mabuku a ndalama la IAS 2 limati katundu alembedwe pa mtengo wochepa mwa iwiri: womwe tinagulira, kapena womwe ungatsale tikagulitsa n'kuchotsa zowonongera pogulitsapo. Ndiye thumba lililonse litsike ndi $3.50, pamodzi $525, ndipo simenti yonse itseke chaka pa $9,735.

Abwana akuti ayi. Akuti matumba abwino 990 akugulidwa pa $11, choncho phindu lake likwirira onyowawo, tisakhudze kalikonse. Ine ndikuona kuti phindu limenelo sitinalipeze, pomwe kuwonongekako kwachitika kale. Koma poti yonse ndi simenti ya mtundu umodzi, kodi lamulo limalola kuwaphatikiza monga akunenera, kapena onyowawo ayenera kuyesedwa paokha?

Chinanso, pakati pa Januwale, mabuku tisanatseke, oumba njerwa aja atawaona bwino matumbawo anatsitsa mtengo kufika pa $5. Kunyowako kunachitika chaka chisanathe. Kodi ndigwiritse mtengo watsopanowu, kutsitsako kukhale $675?

Pa $360 ija, abwana akufuna ilembedwe ngati ngongole ya mnyamata wosunga makiyi, azimudula pa malipiro. Palibe umboni woti anatenga ndiye, ndipo makiyiwo amagwira anthu atatu. Ndingailembe bwanji ngongole imene mwini wake sanaivomere? Ndiuzeninso mapepala amene odita ndi a bungwe la msonkho la ZIMRA angafune kuona pa katundu wosowayu, chifukwa ndili ndi mapepala owerengera osainidwa ndi zithunzi za matumba onyowawo zokha.

Ine wanu,
Wosunga mabuku, Harare