Lipoti la Msonkhano wa ku Salima: Za "Ine" mu Chimangirizo ndi mu Lipoti la mu Labotale

A wapampando, ndi inu nonse aphunzitsi anzathu a kuno ku Nkhotakota,

Munatituma awiri, wina wa mbiri yakale wina wa kemisitire, ku msonkhano wa kalembedwe ka zamaphunziro umene unachitikira ku Salima. Funso limene munatipatsira linali lakuti n'chifukwa chiyani wophunzira akalemba "ndikuganiza kuti" mu chimangirizo timamusiya, koma akalemba "ndinathira asidi" mu lipoti la mu labotale timamudula ndi cholembera chofiira, chonsecho mwana ndi mmodzi yemweyo. Zokambidwa zinali zambiri, koma pano talemba zokhudza funso limeneli basi.

Yankho limene tabwera nalo ndi lakuti nkhani yagona pa kumene umboni uli. Otsogolera zokambirana anatipatsa muyeso wapafupi: chotsani wolembayo, muikepo munthu wina, ndiye muone ngati zolembedwazo zikuyenera kusintha. Mu labotale siziyenera kusintha. Wothira asidi akhale mtsikana wa ku Dwangwa kapena mnyamata wa ku Chipoka, akatsata njira imodzi ayenera kupeza nambala zofanana, ndipo zikasiyana kwambiri ndiye kuti pena palakwika. Mu chimangirizo, anthu awiri akhoza kuwerenga umboni umodzi n'kuutanthauzira mosiyana popanda wolakwa, malinga aliyense waonetsa njira imene wadzera. Pamenepo wolemba ndi gawo la mfundoyo, ndipo kumubisa n'kunamiza owerenga.

Tinatha nthawi yaitali pa chitsanzo cha kemisitire, ndipo tikuchibwereza chonse chifukwa n'chimene chinatitsegula maso. Ophunzira akufuna kudziwa mphamvu ya alikali wotchedwa NaOH. Amatunga 25.0 cm³ ndi pipeti, n'kuika m'botolo lagalasi, n'kudonthezamo madontho awiri kapena atatu a fenofutalini, madziwo n'kusanduka apinki. M'byureti, chubu chagalasi chokhala ndi milingo, muli asidi wotchedwa HCl wa 0.100 mol/dm³, ndipo amamudontheza uku akugwedeza botolo mpaka pinkiyo atazimiririka. Tinene kuti achita kanayi n'kupeza 21.30, 20.10, 20.00 ndi 20.05 cm³. Nambala yoyambayo ndi yongofufuzira malire, saiwerengera. Zitatu zinazo sizikusiyana kupitirira 0.10 cm³, choncho amatenga pakatikati pake, 20.05 cm³. Popeza asidiyu ndi NaOH amakumana mmodzi kwa mmodzi, mphamvu ya NaOH ndi 0.100 × 20.05 ÷ 25.0, kutanthauza 0.0802 mol/dm³.

Tsopano taonani ziganizo ziwiri izi. Wina walemba kuti, "Ndinathira asidi pang'onopang'ono mpaka ndinaona kuti zakwana." Wina walemba kuti, "HCl wa 0.100 mol/dm³ anadonthezedwa mu 25.0 cm³ ya NaOH mpaka mtundu wapinki utazimiririka." Chiganizo choyamba chili ndi vuto, inde, koma vuto lenileni si "ndi-" uja. Mulibe mphamvu ya asidi, mulibe mlingo, ndipo chizindikiro chosiyira kuthira chasanduka maganizo a mwanayo. Munthu wa sukulu ina sangabwereze ntchitoyi. Chachiwiri chaika mankhwala ndi milingo kutsogolo kwa chiganizo, pamene diso la wowerenga limayambira. Phindu la msintho wochitidwa, uja wa -idwa ndi -edwa, ndi limeneli: chinthu choyezedwa chimakhala mwininkhani. Ife aphunzitsi tikangodula "ndi-" osafunsa milingo, mwana amalemba kuti "asidi anathiridwa mpaka zitakwana," ndipo lipoti limakhala lopanda kanthu monga poyamba.

Kuchokera pa kufuna kuti wina athe kubwereza, pamatuluka miyambo ina yonse ya lipoti. Magawo amakhala okhazikika, chiyambi, njira, zopezeka, kenako kukambirana, kuti wofuna milingo yokha apite pomwepo osawerenga zonse. Njira ndi zopezeka zimalembedwa m'nthawi yakale chifukwa zinachitika tsiku limodzi pa tebulo limodzi, pamene zodziwika kale, monga zakuti asidi ndi alikali akakumana amapanga mchere ndi madzi, zimalembedwa m'nthawi yatsopano. Nambala iliyonse imayenda ndi muyeso wake. Ntchito za ena zimatchulidwa ndi dzina ndi chaka kapena ndi nambala chabe, ndipo si kawirikawiri kukopera mawu awo enieni, chifukwa chofunika ndi chimene anapeza, osati mmene anachinenera.

Pali zimene zimalakwika, ndipo m'Chichewa zimabisala bwino kuposa m'Chingerezi. Tili ndi msintho wochitika, uja wa -ika ndi -eka, umene umachotseratu wochita. "Madzi ena anatayika" zimamveka ngati madziwo anachita okha, pamene mwina pipeti inagwedezeka m'manja, ndipo wowerenga ayenera kudziwa kuti anatayika ochuluka bwanji ndiponso pa kuyesa kwachingati. Tilinso ndi "a-" wosatchula munthu. Mwana akalemba kuti "anapeza kuti mphamvu yake ndi 0.0802," simungadziwe ngati akunena gulu lake, gulu la chaka chatha kapena olemba buku. Chimodzimodzi "zinapezeka kuti." Koma choopsa koposa ndi kubisa chosankha. Nambala ija ya 21.30 sinadzichotse yokha pa tebulo la zopezeka. Munthu anaganiza zoisiya. Ngati lipoti lingoonetsa nambala zitatu zokongolazo, wowerenga sadziwa kuti panali yachinayi. Apa ambiri pa msonkhano anagwirizana kuti "tinasiya nambala yoyamba chifukwa inali yofufuzira malire" n'chiganizo cha sayansi choona mtima kuposa kukhala chete. Ifenso tikugwirizana nazo kwathunthu. Pamene pali chosankha, wosankhayo aoneke, kapena chifukwa chake chilembedwe poyera.

Tinakumbutsidwanso kuti kupewa "ine" si lamulo limene sayansi inabadwa nalo. Bungwe la Royal Society linayamba ku London mu 1660, ndipo magazini yake inayamba kutuluka mu 1665. Robert Boyle ndi anzake a nthawi imeneyo ankalemba monga mboni, kuti ndinachita chakuti ndipo ndinaona chakuti. Isaac Newton anafotokoza za kuwala ndi mitundu yake mu 1672 akudzitchula yekha. Kalembedwe kobisa wolemba kanakula pambuyo pake, zipangizo ndi milingo zitayamba kufanana kulikonse. Ngakhale pamenepo sikanagwire onse: nkhani ya James Watson ndi Francis Crick ya 1953 yofotokoza maonekedwe a DNA imayamba ndi "ife." Lero magazini ya Nature imalimbikitsa olemba kuti anene mwachindunji zimene anachita, ndipo malangizo a APA, amene amatsatidwa kwambiri m'maphunziro a za maganizo ndi a za uphunzitsi, amalola "ine" ndi "ife" pofotokoza ntchito yako. Choncho tisamauze ana kuti asayansi salemba "ife." Tiziwauza kuti gawo la njira n'kumene wolemba amafunika pang'ono kwambiri, ndipo kuti akafika ku koleji afunse kaye mwambo wa dipatimenti yawo.

Mbali ya chimangirizo tinaiyesa ndi nkhani ya kwathu konkuno. Wophunzira wafunsidwa kuti afotokoze mphamvu za a Jumbe ku Nkhotakota m'nthawi ya malonda a akapolo ndi minyanga. Ali ndi zolemba za azungu monga David Livingstone, amene anafika kuno m'zaka za m'ma 1860, ndipo alinso ndi zimene akuluakulu a m'midzi amakamba. Umboni wa mitundu iwiriyi suona zinthu ndi diso limodzi: mlendo wodutsa analemba ndi cholinga chake, ndipo nkhani ya pakamwa yadutsa m'mibadwo ingapo. Palibe byureti yoyezera kuti uti ukulemera. Wina ayenera kugamula, ndipo akalemba kuti "n'zodziwikiratu kuti" amakhala akuveka chigamulo chake malaya a choonadi chosatsutsika. Akalemba kuti "ndikutsamira pa nkhani za akuluakulu pa za ubale wa a Jumbe ndi mafumu a Achewa, chifukwa mlendo wa masiku ochepa sakanaona zimenezi," wowerenga amadziwa pamene angamutsutse. Ngakhale dzina la mtundu uwu wa zolemba m'zinenero za ku Ulaya limachokera ku liwu la Chifalansa lotanthauza kuyesa, limene Michel de Montaigne anatchulira zolemba zake mu 1580.

Koma "ine" wa mu chimangirizo ali ndi ntchito zake zowerengeka: kunena mfundo imene uti uteteze, kulozera wowerenga kumene ukupita, ndi kusiyanitsa mawu ako ndi a amene wawawerenga. "Ndikumva kuti a Jumbe anali ankhanza" si mfundo ngati palibe umboni pambuyo pake. Njira yoyesera ndi yosavuta: fufutani "ndikuganiza kuti," muone chotsala. Chikaima chokha ndi umboni wake, mawuwo anali ongodzazira. Chikagwa, ndiye kuti "ine" anaikidwa m'malo mwa umboni. Poti mawu enieni ndiwo umboni, chimangirizo chimawakopera ndendende ndi kutchula tsamba, ndipo pokamba za ndakatulo kapena nthano chimagwiritsa nthawi yatsopano, kuti "wolankhula akudandaula," chifukwa mawuwo akadali pa tsambalo kwa aliyense wolitsegula. Tichenjerenso ndi "ife" wa ulemu amene tinazolowera polankhula. Wolemba mmodzi akati "tikuona kuti," kapena "ife Amalawi timakhulupirira," amakokera anthu ambiri ku maganizo amene sanawafunse.

Pamene msonkhano sunamvane ndi pa kafukufuku wofunsa anthu. Wophunzira wa jogalafe akapita kukafunsa asodzi a pa Chia kapena amayi oyanika usipa ku Senga Bay, amabwera ndi manambala ngati wa mu labotale, koma mayankhowo amadalira amene wafunsa: mwamuna kapena mkazi, wolankhula Chiyao kapena Chichewa, wodziwika pa dokopo kapena wooneka ngati wa boma. Ena anati lipoti lotere litsate kalembedwe ka sayansi. Ife tinaima ndi amene anati gawo la njira linene poyera amene anafunsa, m'chinenero chanji, ndiponso kuti anamasulira ndani, chifukwa apa mukasintha wofunsa mayankho akhoza kusinthadi.

Tikupempha kuti pa msonkhano wathu wotsatira aliyense abwere ndi malipoti atatu a mu labotale ndi zimangirizo zitatu za ophunzira ake, mayina atafufutidwa. Tikufuna tikhale awiriawiri, wa sayansi ndi wa mbiri kapena wa Chichewa, tichonge pamodzi "zinapezeka," "anapeza" ndi "ndikuganiza" aliyense, tisanagwirizane za malangizo amodzi oti tiwapatse a Fomu 3.