Lipoti la nthumwi: mbewu ya mbatata ya m'mabotolo, kuunika majini ndi GMO

Atcheyamani, amayi ndi abambo a gulu lathu, munatituma ku msonkhano wa alimi ndi akatswiri a mbewu muno mu Harare ndi funso limodzi: kodi mbewu ya mbatata yomeretsedwa m'mabotolo ndi GMO? Ayi, si GMO. Njira zomwe akatswiri amakonzera mbewu zomwe tikambe pano ndi zitatu ndipo n'zosiyana.

Yoyamba ndi GMO, mbewu yomwe aikamo jini, kanthu konyamula chibadwa, yochokera ku chamoyo china. Chimanga ndi thonje la Bt zili ndi jini ya bakiteriya wa m'nthaka, moti mbozi ikadya tsamba matumbo ake amawonongeka n'kufa. Ku South Africa amalima chimangachi ndipo ku Malawi analoleza thonjeli, koma ku Zimbabwe kulima GMO pamunda wa mlimi sikunaloledwe. Kofunika kudziwa n'kwakuti mlimi wa Bt amayenera kubzala chigawo cha chimanga wamba pambali, pafupifupi magawo 5 pa 100 ngati sachipopera. Akapanda kutero, mbozi zopirira zimaswana zokhazokha, ndipo ku South Africa kapuchi wopirira Bt anayamba kuoneka cha m'ma 2007.

Njira yachiwiri saikamo chilichonse chachilendo. Amakwatitsa mbewu ziwiri monga mwa kale, kenako amadula kachidutswa ka tsamba ka mbande iliyonse n'kukaunika mu labotale ngati yatengera jini yofunikayo, monga yopirira matenda a mikwingwirima pamasamba a chimanga. Zosatengera amazitaya zikadali zazing'ono, osadikira kuti matenda abwere m'munda. Imathandiza kwambiri pakhalidwe lodalira jini imodzi kapena ziwiri. Kupirira chilala kumadalira majini ambiri, choncho kuyesa m'munda sikulephereka.

Yachitatu, ya m'mabotolo, ndiyo ikutikhudza. Mbatata timabzala kholowa, ndiye vayirasi ikalowa mu mbewu imapitirira chaka ndi chaka. Nsabwe za m'masamba zimafalitsa vayirasi ina, ntchentche zoyera zimafalitsa ina. Ziwirizi zikakumana mu phata limodzi, mbewu imapinimbira, masamba amachepa, amakwinyika ndi kuchita mawanga achikasu, ndipo pansi mumangopeza timizu.

Mu labotale amatsuka nsonga ya kholowa m'madzi a jiki wosungunula, n'kutsukuluza ndi madzi owiritsa katatu. Kenako, pansi pa makina okuza zinthu, amadula kansonga kenikeni kosapitirira theka la milimita, chifukwa vayirasi nthawi zambiri imakhala isanafike pamenepo. Kansongako amakaika m'botolo, pa phala lolimba lokhala ndi michere ndi shuga wokwana magalamu 30 pa lita, lomwe aliphika pa madigiri 121 kwa mphindi 15 mpaka 20. Akadula kakang'ono kwambiri kamafa, akadula kakakulu kamapita ndi vayirasi. N'chifukwa chake labotale yabwino imayeza mbande isanazichulukitse, ndipo pogula tizifunsa ngati zinayezedwa. Zikapezeka zoyera amazidula mfundo imodziimodzi pakatha milungu 4 mpaka 6 iliyonse. Botolo la nkhungu kapena lochita chifunga amalitaya lonse.

Mbande yotuluka m'botolo ndi yanthete ngati khanda: yazolowera chinyezi, ndipo padzuwa imafota m'maola ochepa. Imafuna kutsukidwa phala lonse kumizu, apo ayi imawola, n'kukhala pamthunzi mophimbidwa kwa milungu ingapo. Ife sitikulangiza kuti gulu ligule za m'botolo. Tigule zokhwimitsidwa kale.

Apa ndi pomwe ambiri amatayira ndalama: mbewu yoyera si mbewu yosagwidwa matenda. Chibadwa chake ndi chomwe chija. Mukaibzala pafupi ndi munda wakale, tizilombo timaibwezera vayirasi, ndipo pakatha nyengo ziwiri kapena zitatu zokolola zimatsikanso. Choncho pempho lathu ndi lakuti mbande zoyambazo zikhale m'kanyumba ka neti yamabowo ang'ono kwambiri, kudimba komwe kuli madzi, kutali ndi mbatata zakale. Neti ya udzudzu siikwanira, ntchentche zoyera zimadutsa. Pochulukitsa tidule tizingwe ta mfundo zitatu, tibzale motalikana masentimita 10 mumzere ndi 20 pakati pa mizere, ndipo pakatha milungu 6 mpaka 8 m'nyengo yofunda tidulepo zingwe za masentimita 25 mpaka 30 zopita kumunda. Mu Juni ndi Julaye kholowa samakula, ndipo chisanu chimamuwotcha m'madambo, choncho kuchulukitsa kwenikweni kuyambe mu Ogasiti kapena Sepitembala kuti mvula ipeze mbewu ilipo.

Phata lililonse loonetsa mawanga kapena kukwinyika lizulidwe tsiku lomwelo n'kukwiriridwa, ngakhale likhale ndi zingwe zambiri. Pamsonkhano wathu wotsatira tikupempha kuti gulu lisankhe dimba loikapo kanyumbako ndi anthu awiri oyendera neti sabata iliyonse kuona ngati yang'ambika.