Lipoti la msonkhano wa uchembere ku Chipata: kutupa nkhope ndi manja pamodzi ndi mutu

Amayi a pampando, alangizi athu, amayi ndi abambo a gulu lathu loona za uchembere, ndabwerako ku Chipata kumene munandituma. Zokambidwa zinali zambiri, koma ine ndasankhapo imodzi imene inatenga nthawi yaitali m'kamwa mwa azamba, yomwenso ndikuona kuti ikutikhudza kwambiri kuno kumudzi. Ndi nkhani ya mayi wapakati amene watupa nkhope ndi manja, mutu ukumuwawa, mimba itakula.

Azamba anayamba ndi kusiyanitsa kutupa kuwiri. Mapazi kutupa madzulo, munthu ataswera kumunda kapena ataima tsiku lonse pamsika, n'kuphwa akagona, zimenezo zimachitikira amayi ambiri apakati ndipo pazokha sizoopsa. Kutupa koopsa ndi kobwera mwadzidzidzi kumaso ndi m'manja. Mayi amadzuka m'mawa zikope zitalemera, mphete yakana kuvuka, zala sizikupindika bwino pogwira mthiko. Pakawonjezeka mutu wosamva panado, mayiyo ayenera kupimidwa bipi tsiku lomwelo, osadikira tsiku lake la sikelo.

Ndinafunsa kuti nkhope ndi mutu zikugwirizana bwanji ndi kuthamanga kwa magazi. Yankho lake ndi ili. Gwero la matendawa, amene achipatala amawatcha puliekilampusiya, lili pa nsengwa, kumene mwana amadyera. Mwa amayi ena mitsempha yopita ku nsengwa sitakasuka mokwanira mimba ikamayamba, ndiye nsengwayo imapereweredwa magazi n'kuyamba kutulutsa zinthu zowononga mitsempha ya thupi lonse la mayi. Mitsemphayo imafinyika ndiponso imadontha. Taganizani paipi yothirira kudimba itapindika: madzi amakankha mwamphamvu ndipo amatulukira paliponse pofooka. Madzi odontha m'mitsempha ndiwo amatupitsa nkhope ndi manja. Impso zikakhudzidwa, puloteni imayamba kutayika mumkodzo ndipo mkodzo umachepa. Ubongo ukakhudzidwa, mutu umawawa, maso amachita chidima kapena kuona tinthu tothwanima. Chiwindi chikakhudzidwa, pamawawa pansi pa nthiti zakumanja kapena pachifu, ndipo ambiri amayesa ndi chilungulira. Mwana nayenso sakula bwino, mwina amachepetsa kusewera m'mimba.

Matendawa amayamba mimba ikapitirira masabata 20, kawirikawiri kumapeto. Manambala oti tiwasunge m'mutu ndi awiri okha. Bipi ikafika 140 pa 90, n'kupezekanso chimodzimodzi atapimanso patapita maola anayi, yakwera. Ikafika 160 pa 110, ndi ngozi ya nthawi yomweyo ndipo palibe zodikira maola anayi aja. Anamwino amaviikanso kapepala mumkodzo kuti aone puloteni.

Azamba anatipatsa chitsanzo chophunzitsira, ndikufotokozereni monga anachiyalira. Mtsikana wa zaka 17, mimba yoyamba, masabata 34. Pakhadi lake la sikelo bipi inkakhala 110 pa 70. Lachitatu wadzuka atatupa kumaso, agogo ake akuti ndi mapasa amenewo. Lachinayi mutu wayamba, wamwa panado, osasintha. Lachisanu akuti akuona nyenyezi masana ndipo wasanza. Afika naye kukiliniki: bipi 165 pa 112, puloteni yambiri mumkodzo. Apa namwino samubweza kunyumba ndi mapilitsi. Amamupatsa mankhwala otsitsa bipi monga nifedipini kapena hayidilalazini, n'kumubaya maginiziyamu salufeti oteteza kukomoka: magalamu 4 mumtsempha pang'onopang'ono, ndi magalamu 5 kuthako lililonse. Kenako amaitana ambulansi yopita naye kuchipatala chachikulu monga Chipata Central, St Francis ku Katete kapena Mwami, kumene angathe kupima magazi, kuyang'anira mwana ndi kuchita opaleshoni ngati kufunika. Atamaliza anatifunsa kuti mtsikanayu anayenera kupita liti. Ambiri tinati Lachinayi. Iwo anati Lachitatu lomwelo, nkhope itangotupa, chifukwa kupima bipi sikutenga ngakhale mphindi zisanu, pamene mayi amene wafika poona nyenyezi akhoza kugwa nthawi ina iliyonse.

Mfundo imene ndikufuna abambo muimvetse ndi yakuti mankhwala onsewa amangogwiriziza. Matenda amayamba kutha nsengwa ikatuluka. N'chifukwa chake adokotala amatha kuyambitsa matenda a uchembere masiku asanakwane: pa masabata 37 ngati bipi ikugwirika, kapena msanga kuposa pamenepo ngati moyo wa mayi kapena wa mwana uli pangozi. Adokotala akanena zimenezi, kukana kapena kupita kukafunsa kaye kumudzi kumataya nthawi imene mayiyo alibe.

Bipi ikasiyidwa, chotsatira ndi kukomoka kophupha ngati khunyu, nthawi zina mtsempha kuphulika m'mutu, kapena nsengwa kuchoka mwana asanabadwe. Zikachitika pakhomo, mugonekeni chammbali, kumanzere, chotsani moto ndi zinthu zomupweteka, musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamumwetse chilichonse, ndipo wina athamangire galimoto nthawi yomweyo. Mayi wokomoka sakwezedwa pahonda. Ndikudziwa kuti kwathu kuno zotere zikachitika maganizo amathamangira kwa mwamuna, kuti anayenda molakwika, kapena kwa anthu oipa mtima. Miyambo yathu ndimailemekeza, koma ndikupempha alangizi kuti milandu ija izikambidwa mayi ali kale m'manja mwa azamba. Mankhwala a zitsamba othamangitsa uchembere pa nthawi imeneyi amangowonjezera ngozi.

Pali zinthu ziwiri zimene zingatisokeretse. Choyamba, mayi akhoza kukhala ndi bipi yokwera osatupa konse, osamva paliponse kuwawa. Ndiye tisamati wosatupa ali bwino. Maulendo 8 a sikelo amene bungwe loona zaumoyo padziko lonse linalangiza mu 2016 amathithikana kumapeto kwa mimba, nthawi imene matendawa amakonda kutulukira, ndipo ulendo uliwonse mayi aonetsetse kuti bipi yapimidwa ndi kulembedwa pakhadi. Chachiwiri, kuchira sikutseka nkhaniyi. Mayi akhoza kukomoka atabereka kale, makamaka m'masiku awiri oyamba, ndipo ngozi imakhalapo mpaka masabata 6. Wabwera kunyumba ndi khanda, mutu wamugwira kwambiri, maso akuchita chidima: abwerere kuchipatala.

Amene tiyenera kuwayendera pafupipafupi ndi a mimba yoyamba, makamaka atsikana aang'ono, amayi opitirira zaka 40, oyembekezera mapasa, odwala bipi, shuga kapena impso kale, ndi amene anadwalapo matendawa pamimba yam'mbuyo. Ena mwa awa akayamba sikelo msanga amapatsidwa asipirini wochepa mphamvu kapena kashiyamu, koma wopereka ndi namwino, osati kukagula pakantemba.

Ndabwera ndi mapempho atatu oti tikambirane Loweruka. Aliyense wa ife akamayendera mayi wapakati azimuyang'ana kumaso ndi m'manja, amufunse za mutu ndi maso, aonenso nambala yomaliza ya bipi pakhadi. Amayi a m'midzi yakutsidya kwa mtsinje, amene tawatchula kuti ali pachiopsezo, tiwalimbikitse kukadikirira kunyumba ya chidikiro mvula isanatseke njira. Pempho lachitatu likufuna a nyakwawa: tigwirizane ndi mwini galimoto mmodzi amene angadzutsidwe usiku, ndipo tione kuti ndalama ya mafuta izisungidwa ndi ndani. Amayi a pampando, ndapempha kuti awaitane a nyakwawawo pamsonkhanowo.