Bambo anga asiya ndudu, ayamba fodya wopichira ndi kaliwo

Okondedwa Alangizi,

Ndikupempha nzeru pa nkhani ya bambo anga, omwe akhala akusuta ndudu kuyambira unyamata wawo. Chifuwa chitayamba kuwasautsa, anasiya ndudu za kufakitale, koma m'malo mosiyiratu fodya anayamba kupichira okha, ndipo madzulo amasuta kaliwo. Iwo amati umenewu ndi fodya weniweni, tsamba lokhalokha, ndipo chimene chimapha anthu ndi mankhwala amene opanga ndudu amathiramo.

Zimene ndawerenga zikutsutsana ndi maganizo amenewa. Ululu waukulu umachokera m'tsamba lenilenilo likamapsa, chifukwa utsi wa fodya uli ndi mankhwala oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo amayambitsa khansa. Fodya amene bambo amapichira alibe ngakhale kosefera utsi, ndipo amamusuta mpaka moto kufika pazala, moti chala chachikulu ndi chamkombaphala zasanduka zachikasu chifukwa cha phula. Mnzawo wina anawauza za bidi, tindudu ta ku India tokulungidwa m'tsamba la mtengo wa tendu ndi kumangidwa ndi ulusi, ndipo iwo amatitchula ngati umboni wakuti fodya wokulunga ndi manja ndi wofatsa. Koma tsambalo silipsa msanga ndipo limazimazima, choncho wosuta amakoka pafupipafupi komanso mwamphamvu, n'kumeza nikotini, phula ndi mpweya woipa wa kaboni monokisaidi wochuluka kuposa wa ndudu wamba.

Pamene ndikusowa poyankha ndi pa kaliwo. Bambo amati osuta kaliwo sameza utsi, amangousunga m'kamwa n'kuutulutsa, ndipo n'zoona kuti amene sameza utsi sadwala khansa ya m'mapapo mochuluka ngati osuta ndudu, ngakhale kuti khansa ya pamlomo, ya m'kamwa ndi ya pakhosi imawagwirabe. Komatu ine ndikawayang'anitsitsa ndimaona chifuwa chawo chikukwera akamakoka, ndipo utsi umatuluka patapita kanthawi, wina kudzera m'mphuno. Munthu amene anazolowera ndudu amameza utsi osadziwa n'komwe.

Chimene chandilembetsa kalatayi ndi banga loyera limene latuluka mkati mwa mlomo wawo wam'munsi, penipeni pamene pamakhala kamtengo ka kaliwo. Silipweteka, silichoka akalipukuta, ndipo latha mwezi, pamene chilonda cha m'kamwa chikapitirira masabata atatu chimayenera kuonedwa ndi dokotala. Bambo akuti anangopsa ndi utsi.

Ndithandizeni pa zinthu ziwiri. Kodi ndivomereze kuti azisuta kaliwo yekha ngati poyambira kusiya, kapena kutero n'kuwanamiza kuti apeza njira yabwino? Nanga ndingawauze bwanji kuti tipite kuchipatala akaonetse bangalo, osaoneka ngati mwana amene akulamula kholo lake? Ndikayamba nkhaniyi amangoseka n'kunena kuti agogo ankasuta kaliwo mpaka kukalamba.

Ine wanu,
Mwana wodera nkhawa